Kapu ya Kadontho Kofiira

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, yofanana ndi zinzake zonse za m'nyumba ya a Abdulmalik ku Limbe. Kusiyana kwake kunali kunsi. Wina anadonthezapo utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, kadontho kamodzi kokha, kuti isamasokonekere ndi makapu a eni nyumba.

Eliot anaidziwa kapuyo patatha sabata imodzi mchemwali wake Constance ataikidwa m'manda. Anapita ku Limbe kukatenga zovala za malemuyo, ndipo akudikira pakhonde la kukhitchini anaona mwana wa Constance, wa zaka zinayi, akumwa tiyi atakhala pa sitepe. Kuchikazi mwanayo ankamutchula Atikonda. M'nyumba muja anali Amna.

"Ndimweko pang'ono?" anatero Eliot, pongofuna kumuseketsa.

"Iyayi, ankolo. Iyi ena samwera." Anaitembenuza monyadira, tiyi n'kutayikira pa diresi. "Mwaona? Inali ya amami. Pano ndi yanga."

Constance anamwera kapu imeneyo zaka zisanu osauza munthu.

Agogo awo a Eliot ndi Constance anali Alomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi ku Thyolo. Bambo awo anali telala wa pakhonde ku Naperi. Makolo onse atamwalira, Constance ndiye analera mlongo wake, namulipirira sukulu mpaka ku koleji ndi malipiro a m'sitolo ya nsalu. M'sitolo momwemo ndi momwe anakumana ndi Suhail, mwana wamwamuna yekhayo wa a Abdulmalik, eni sitolo ya zitsulo ndi malole atatu. Suhail anamukwatira makolo ake akukana. Patapita zaka zitatu lole imene Suhail ankayendetsa inagubuduzika pafupi ndi Zalewa, iye n'kufera pomwepo, ndipo Constance anatsala m'nyumba ya apongozi ndi mwana. Impso zitayamba kumuvuta Constance, Eliot anasiya koleji ali chaka chachitatu kuti azimudikirira kuchipatala. Pa maliro a Constance, a Abdulmalik anatumiza lole yonyamula anthu. Iwo eni sanabwere.

M'chipinda chawo chochezera munali pepala lofiirira ndi ukalamba, loikidwa m'galasi, la mayina olembedwa m'zilembo za Chiarabu: bambo, bambo wa bambo, mpaka kwa munthu wina amene ankati anachoka ku Shirazi m'dziko la Aperezi n'kudzatsika ngalawa ku Kilwa. Dzina lomaliza pansi linali la Suhail. "Ife sitinasakanizike," ankatero a Abdulmalik kwa mlendo aliyense. "Si ngati Anguru obwerawa, osadziwa agogo awo."

Ankhoswe anakhala pansi kawiri pa nkhani ya mwana. Eliot ananena kuti kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba.

"Mwini mbumba wogona m'kachipinda ka lendi?" anafunsa a Abdulmalik, osamuyang'ana. "Mwanayu ndi magazi a Suhail. Theka lake ndi lathu. Theka linalo tidzalisukuluza pang'onopang'ono."

Ankhoswe anayang'ana mpanda wa njerwa, anayang'ana nsapato za Eliot, nati mwana akhale kaye pomwe ali. Kuyambira tsiku limenelo Eliot ankadzuka ndi chinthu chimodzi m'mutu: kumuchotsa Atikonda m'nyumba ija, ndipo ngati kungatheke, kusiyamo bala.

Ntchito anaipeza kwa a Dokotala Magdalene Sitima, mayi wofufuza za anthu akale, amene ankakonza chionetsero cha zimene mafupa okumbidwa m'mapanga aulula. Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ina m'tauni, pomwe phokoso la oitanira maminibasi linkalowera pazenera tsiku lonse. Eliot ankalemba m'Chichewa mawu opachika m'makoma, ndipo ndiye anali woti azidzayenda ndi alendo. A Magdalene sankalola kuti alembe chinthu asanachimvetse.

"Tayambanso. DNA imeneyi amaitenga pati?"

"Pa fupa lolimba la m'kati mwa chigaza, kuseri kwa khutu. Kapena m'dzino. Amapala ufa pang'ono m'chipinda chosalowa fumbi."

"Chifukwa?"

"Chifukwa yotsalamo ndi yochepa, yoduka tizidutswa. Thukuta la wopalayo likhoza kuikwirira."

"Eya. Koleji inataya munthu."

Tsiku lina masana analowa Twaha, dalaivala wa a Magdalene, atanyamula chinangwa chokazinga m'pepala. Kale ankayendetsa malole a a Abdulmalik, ndipo ankapempherabe nawo mzikiti umodzi.

"Madamu, mwatchuka. Bwana anga akale amva pa wailesi kuti mwawapezera agogo awo."

"Ine? Kuti?"

"Ku Kilwa. Akuti mafupa avomereza kuti kunali magazi a Aperezi. Akufuna akubwerekeni lole yonyamulira katundu wa chionetsero, ulele, bola adzakhale kutsogolo ndi pepala lawo lija."

A Magdalene anaseka. "Abwere, khomo ndi lotsegula. Koma uwauze kuti banja lawo sitinaliyeze. Ndiponso amva theka la nkhani."

Eliot anasiya kulemba. Theka la nkhani. Pa tebulo pake panali tsamba lomwelo la ku Kilwa, ndime ziwiri. Yoyamba inkanena kuti mwa anthu amene anaikidwa m'manda a matauni akale a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ku Kilwa, ku Manda ndi ku Mtwapa, ambiri anali ndi makolo aamuna ochokera kutsidya la nyanja, makamaka ku Perisiya. Yachiwiri inkanena za amayi awo.

A Magdalene atatsikira kubanki, Eliot anasindikiza tsambalo, nalipinda pakati, nadula ndi rula bwinobwino. Anapereka ndime yoyamba kwa Twaha.

"Ukawapatse. Uwauze kuti aitane abale onse ndi anzawo a m'masitolo. Mwana asamusiye."

Twaha anayang'ana m'mphepete modulidwamo. "Aise, msampha umenewu ukutchera ndani?"

"Ndikuwapatsa zimene akufuna kumva."

"Mkulu uja samva. Shehe anena kangati Lachisanu kuti tonse ndife ana a Adamu, ndipo Adamu ndi dothi? Iwo amangogwedeza mutu ngati akunena za munthu wa pa mzere wakumbuyo. Ine pano, Myao wa ku Mangochi, ndinawayendetsera zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkapemphera phewa ndi phewa, koma mbale tinali tisanadyerepo imodzi."

"Ndiye ukapereka?"

Twaha anatafuna chinangwa kwa kanthawi. "Constance ankandisungira chakudya ndikachedwa ku Mwanza," anatero, napinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya.

Kutatsala masiku awiri kuti chionetsero chitsegulidwe, akuyeserera, Eliot anafunsa ngati wongodutsa: "A Dokotala, kamtolo ka DNA kaja kotchedwa Y, mwana wamkazi salandirako ngakhale pang'ono?"

"Ukudziwa kale. Kamachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna basi."

"Ndiye munthu akakhala ndi mwana wamwamuna mmodzi, mwanayo n'kumwalira atangobereka wamkazi?"

"Y wa nthambi imeneyo wathera pomwepo." Anavula magalasi. "Koma Y ndi kamtolo kamodzi pa timitolo makumi anayi ndi tisanu ndi kamodzi. Mdzukulu wamkaziyo amatengabe kwa agogo akewo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a DNA yake yonse. Ukanena za Y, uzinenanso zimenezo. Wandimva, Eliot?"

"Ndamva."

"Anthu a m'mapangawa anagona zaka zikwi osavutitsa munthu. Sitinawadzutse kuti akhale chikoti."

Eliot anati inde, ndipo anapitiriza kumata zithunzi.

Loweruka m'mawa holo ya ku Chichiri inadzaza. Kunabwera ana asukulu, aphunzitsi, ndi anthu ongothawa dzuwa. A Abdulmalik anafika atavala mkanjo woyera ndi jekete lakuda, pepala lawo la m'galasi atalikumbatira pachifuwa, pambuyo pawo abale ndi amalonda anzawo okwana mwina makumi awiri. Pomalizira panali akazi awo, a Mwanakombo, mayi wamfupi wosalankhulalankhula, atagwira Atikonda padzanja. Mwanayo ataona Eliot anafuna kuthamanga, koma dzanja linamubweza.

A Abdulmalik anamuzindikira Eliot, nkhope n'kuuma. "Ndiwe wotiyendetsa?"

"Ndine, bambo. Takulandirani."

Anayambira pa khoma loyamba, pa chithunzi cha phiri la Hora ku Mzimba. Mawu ake anali ofatsa ngati a munthu wowerenga zolengeza kutchalitchi.

"Pansi pa thanthwe ili panapezeka anthu amene anaikidwa zaka zoposa zikwi zisanu ndi zitatu zapitazo. Ena anapezeka ku Fingira, ku Nyika, ena ku Chencherere, ku Dedza. Anali alenje ndi otola zipatso. Ngati dziko lino lili ndi eni ake oyamba amene tikuwadziwa, ndi amenewa."

"Ndiye agogo athu?" anafunsa mphunzitsi wina.

"Ayi. Mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, DNA ya anthu amenewa sikuoneka, kapena ngati ilipo ndi yochepa kwambiri. Ife tinachokera kwa alimi amene makolo awo ananyamuka cha kumalire a Cameroon ndi Nigeria, n'kufika kuno zaka zosakwana zikwi ziwiri zapitazo. Mchewa, Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena, tonse. Ena anafika m'mawa, ena masana." Anatembenukira kwa a Abdulmalik. "M'holo muno mulibe amene si wobwera."

Ana asukulu anaseka. Mphunzitsi uja anafunsanso: "Koma a ku Horawo ndiye anali mtundu weniweni, wosasakanizika?"

"Nawonso ayi. M'mafupa mwawo muli mizere itatu yolukana: wa anthu a kumwera, wa a kum'mawa, ndi wa a m'nkhalango za pakati pa Afirika. Anasakanizika kalekale asanagone pa Hora. Kulikonse kumene akatswiri akumba, ku Ulaya, ku India, kuno, amapeza zomwezo. Ukafika pa anthu amene ukuti awa ndiye oyamba, umapeza kuti nawonso ndi ana a magulu ena amene anakumana panjira."

"Tafika nazo ku Kilwa," anatero a Abdulmalik. "Anthu awa asiya masitolo."

"Tafika, bambo."

Eliot anawerenga ndime yoyamba pang'onopang'ono. A Abdulmalik anakweza pepala lawo kuti onse aone, ndipo m'bale wina anawomba m'manja. Eliot anadikira kuti m'manja muthe.

"Pali ndime yachiwiri."

"Ine anandipatsa imodzi."

"Ili apa pakhoma, bambo. Pali DNA ina imene munthu amalandira kwa mayi ake okha, mayiwo kwa mayi awo. Mwa anthu omwewo, imeneyo pafupifupi yonse ndi ya akazi a kuno ku Afirika. Amalonda aja anatsika ngalawa zaka chikwi zapitazo n'kukwatira akazi amene anawapeza, ana n'kukula akulankhula chinenero cha amayi awo. Ambiri theka la DNA yawo, ena kuposa, linali la ku Afirika. Munalinso pang'ono ya ku India. Aperezi eniakewo anali osakanizika kale, alimi akale a m'mapiri a kwawo ndi abusa ochokera kumpoto. Ndiye ngati munthu wapamwamba pa pepala lanulo analikodi, mwana wake woyamba anali wa theka. Ngati Amna."

A Magdalene, amene anaima kumbuyo, anayamba kudzipanikiza pakati pa anthu kubwera kutsogolo.

"Pa pepalapo pali mayina angati, bambo?" anafunsa Eliot.

"Makumi awiri ndi atatu."

"Aakazi ndi angati?"

Eliot anapitiriza.

"Munthu ali ndi makolo awiri, agogo anayi, kenako asanu ndi atatu. Mukabwerera mibadwo khumi yokha, malo a makolo apitirira chikwi. Pepalalo latola mmodzi pa m'badwo uliwonse. Enawo anali ndani? Ankamwera kapu iti?"

A Mwanakombo anaweramitsa mutu. Ndi iwo okha amene anamva funsolo mpaka pansi pake.

"Amayi ndi munda chabe," anatero a Abdulmalik. "Mbewu ndi ya bambo. Mzere wa abambo sunaduke. Mafupa akowo avomereza."

Apa ndi pamene Eliot ankadikira miyezi isanu ndi itatu. Anaona Atikonda akumuyang'ana, chala chili m'kamwa. Anamuona bwinobwino, ndipo sanaime.

"Zoona, bambo. Chilipo chimene chimayenda mumzere wa abambo okhaokha. Amachitcha Y. Chimachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Wamkazi salandira. Inu munali ndi mwana wamwamuna mmodzi. Chimene chinachoka ku Shirazi, n'kuwoloka nyanja, n'kuyenda mibadwo makumi awiri ndi itatu, kwa inu chinathera mu ngalande ya pa Zalewa."

Wina anati chapansipansi, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire." Galasi linatsetsereka pachifuwa pa a Abdulmalik mpaka pamimba. Iwo analoza Atikonda.

"Ndiye mwanayu ali ndi chiyani cha mzere umenewu?"

"Cha mzere umenewo alibe. Chimene ali nacho chosadukiza ndi cha amayi ake, chochokera kwa amayi anga, chochokera kwa mayi wina wothyola tiyi amene anawoloka malire wapansi."

"Bambo, dikirani," anatero a Magdalene atafika. "Sizinathere pamenepo. Mwanayu watenga kwa inu..."

A Abdulmalik anakweza dzanja. Sanafune kumvanso za mafupa. Anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali, ngati munthu amene wagula katundu n'kupeza kuti m'katoni muli zina.

"Kamutenge," anauza Eliot. "Lero lomwe. Wa kwanu."

Anatuluka, anthu awo akuwatsatira mmodzimmodzi. A Mwanakombo ananyamula mwana, ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha.

A Magdalene anamukokera Eliot kuseri kwa khoma la zithunzi.

"Palibe bodza limene wanena," anatero. "Wangodula pakati, ngati momwe unadulira pepala langa. Twaha wandiuza. Khoma lonseli likunena kuti munthu si mzere umodzi. Iwe wamuthyolera mkulu uja mzere wake, kenako wamupatsa mwana mzere wina umodzi, wa kwanu. Wasiyana naye pati?"

"Ine sindinaikepo munthu kadontho."

"Sindikudziwa za kadontho. Ndikudziwa kuti wamuuza bambo za mtembo wa mwana wake pamaso pa ana asukulu. Alendo otsalawa ndiyenda nawo ndekha. Lolemba usabwere. Ndikakufuna ndidzakuitana."

Eliot anavula kakhadi ka dzina lake n'kukaika pa tebulo. Anafufuza mumtima mwake ngati muli chisoni, napeza mwangoti mbee, ngati munda wotenthedwa.

Anakwera minibasi ya ku Limbe dzuwa likuswa mtengo. Pa geti ya a Abdulmalik sanagogode. Anapeza a Mwanakombo atayima kale panja pa mthunzi wa mpanda, chikwama cha mwana chili pansi. Atikonda ankathamangitsa nyerere ndi kamtengo. Kudzera pa geti yotsegula pang'ono, Eliot anaona a Abdulmalik atakhala pakhonde, galasi lija lili pamiyendo chadodolido, akuyang'ana kumene kunkaima lole ya Suhail. Anawayang'ana mokwanira. Anafuna kuti adzakumbukire.

"Zovala zili umu," anatero a Mwanakombo. "Buku la kusikelo lili m'thumba lam'mbali. Mazira sadya, amamutulutsa ziwengo. Akamagona amafuna wina amugwire khutu."

"Ndikudziwa. Amayi ake ankateronso."

"Achimwene." Aka kanali koyamba kuti amutchule motero. "Ine sukulu sindinapite patali. Mayi aja amafuna kunena kanthu, bambo anawaletsa. Ndiuzeni inu. Mwa mwanayu mulibedi chilichonse cha Suhail?"

Eliot anayang'ana pakhonde paja. Akanena zoona, mayiwa akhoza kulowa n'kukauza amuna awo, amuna awo n'kutuluka kudzatseka geti, ankhoswe n'kudzayang'ananso nsapato zake. Mawu amodzi okha, mulibe, akanatha kutseka nkhani yonse. Anali atawakonza kale pa lilime. Koma mayiwo anali atagwira m'mphepete mwa mpango wawo ndi manja onse awiri, momwe Constance ankagwirira chofunda adokotala akamabwera ndi zotsatira.

"Theka lake lonse ndi Suhail," anatero. "Mwa theka limenelo, gawo lina ndi la bambo aja, lina ndi lanu. Ndipo pali kamtolo kena, kotchedwa X. Mwamuna amakhala nako kamodzi, kochokera kwa mayi ake, ndipo akabereka mwana wamkazi amamupatsa komweko. Kamene munamupatsa Suhail ali m'mimba mwanu, kali mwa uyu. Kumeneko bambo aja kulibe gawo. N'kanu."

A Mwanakombo anakhala pansi pa chikwama chija. Sanalire mokweza. Anakoka mwanayo, namugwira nkhope, namuyang'ana m'maso, m'makutu, m'zikhatho.

"Mukawauza?" anafunsa Eliot.

"Ndikawauza amubweza." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Akamubweza, azikamwera momwe muja. Sindiwauza. Adzamva ndikadzaona kuti atha kumva."

Kenako anati: "Kadontho kaja ndinaika ndine. Iwo anangonena kuti mkaziyu akhale ndi ziwiya zake. Utoto unali wanga, dzanja linali langa."

Eliot anadikira kuti mwina apitiriza, apepese, kapena adzikhululukire. Sananene china. Nayenso sanawathandize.

"Ku Naperi mumatsikira pa sitolo ya matayala," anatero Eliot pomaliza. "Mukafunse kwa atelala akale. Lachitatu ndimakhalapo. Tsopano ndizikhalapo masiku onse."

Ananyamula chikwama. Atayenda masitepe asanu Atikonda anaima, nakoka dzanja.

"Kapu yanga."

"Tikagula ina m'tauni. Yokongola, ya maluwa."

"Iyayi. Ya amami."

Eliot anali ataiganizira kapu imeneyo masiku ambiri. Ankafuna kudzaiika pansi pa tayala la lole ya a Abdulmalik, aimve ikuphwanyika, aisiye pa geti ngati chule wopondedwa. A Mwanakombo analowa m'nyumba, nabwera nayo ataikulunga m'kansalu, naipereka kwa mwanayo osati kwa iye.

Mu minibasi Atikonda anakhala pamiyendo pa malume ake, kapu ili m'manja. Atadutsa pa Chichiri anafunsa: "Ankolo, agogo aamuna anati ndine wa kwanu. Kwanu ndi kuti?"

"Ku Naperi."

"Nanga Naperi asanakhaleko?"

"Ku Thyolo. Thyolo asanakhaleko, ku Mozambique. Kumbuyo kwake ndi kutali, sitingafikeko lero."

"Ababa analinso a kwanu?"

Kondakitala anali kukangana ndi mayi wina za dengu la tomato. Eliot anayang'ana pazenera, kuholo kuja, kumene a Magdalene anali akuyendabe ndi alendo.

"Ababa ako ali mwa iwe," anatero. "Ndidzakufotokozera bwino. Zonse, osadula."

Kunyumba anayatsa mbaula, nawiritsa madzi. Makapu anali nawo awiri, ina yothyoka chogwirira. Atikonda anakana onse, natambasula yake. Eliot anathiramo tiyi, naiziziritsa ndi mpweya, ndipo asanamupatse anaikweza kukamwa kwake.

"Ankolo, iyi ena samwera."

"Kuno timamwera," anatero Eliot, namwa. Tiyi anali wotentha kwambiri, anamuwotcha lilime, koma anamwanso kachiwiri asanaibweze.